K200,000 ya alamu anga ndi ngongole yawo

Alamu anga ali ndi golosale pafupi ndi msika. Chaka chatha anakongola K1,000,000 kuti aonjezere katundu, ndipo anagwirizana ndi obwereketsa kuti azibweza mwezi ndi mwezi kwa miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha 36 peresenti pachaka. M'mwezi wachinayi anagulitsa soya wawo napeza K200,000 yapadera. Anabwera kunyumba madzulo ena ali ndi funso limodzi: "Alamu, ndikaiponya ku ngongole ndalamayi, ndipindulapo chiyani? Kapena ndingooda nayo shuga?"

Funso lotere siliyankhika pamtima. Tinatsegula Excel pa laputopu, ndipo ndikufuna ndikuonetseni zomwe tinachita, chifukwa aliyense amene ali ndi ngongole angathe kuchita zomwezo pa ola limodzi.

Choyamba tinawerenga pepala la mgwirizano kuti tidziwe momwe chiwongoladzanja chikuwerengedwera. Obwereketsa ena amachiwerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, ngati kuti simunabwezeko kalikonse. Pa ngongole ya alamu, njira imeneyo ikadawadyera K360,000. Ena amachiwerengera pa ndalama yokhayo imene yatsala mwezi umenewo, kotero ngongole ikamachepa nachonso chimachepa. Ya alamu inali ya mtundu wachiwiriwu, ndipo chiwongoladzanja chake chonse ndi K205,545. Onse awiri akhoza kukuuzani kuti "3 peresenti pamwezi", koma kusiyana kwake kukupitirira K154,000.

Pamwamba pa tsamba tinalemba ngongole mu B1, chiwongoladzanja cha pachaka mu B2 ngati 36% ndi miyezi mu B3. Mu B4 tinaika fomula yopeza ndalama yobweza mwezi uliwonse, ndipo inatipatsa K100,462.09, yofanana ndi ya pa mgwirizano wawo. Kenako, kuyambira pa mzere 7, mwezi uliwonse unatenga mzere wake: A nambala ya mwezi, B ngongole poyamba pa mwezi, C chiwongoladzanja, D chobweza cha pamwezi, E ndalama yoonjezera, F ngongole yotsala.

```
B4: =ROUND(PMT(B2/12,B3,-B1),2)
B7: =B1
C7: =ROUND(B7*$B$2/12,2)
D7: =MIN($B$4,B7+C7)
F7: =B7+C7-D7-E7
B8: =F7
```

Mukalemba izi, mumangokokera mafomula a mu C7, D7, F7 ndi B8 pansi mpaka mwezi wa 12. Zizindikiro za `$` musazisiye. Ndizo zimamangirira fomula pa B2 ndi B4, ndipo popanda izo imatsetsereka nayo mizere n'kuyamba kuwerenga timabokosi tolakwika.

Mzere woyamba unawadabwitsa alamu. Pa K100,462 imene anapereka mwezi woyamba, K30,000 inali chiwongoladzanja ndipo K70,462 yokha ndi imene inadula ngongole. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chinatsika kufika pa K27,886, wachitatu K25,709, wachinayi K23,466. Ndalama imene mukutulutsa m'thumba sisintha, koma kagawidwe kake mkati kamasintha mwezi uliwonse. Nchifukwa chake munthu amatha kubweza theka la miyezi n'kupeza kuti ngongole yotsala ikadali yoposa theka, ndiye amayamba kuganiza kuti amubera pamene sanamubere.

Tsopano tinalemba 200000 mu E10, umene ndi mzere wa mwezi wachinayi. Ngongole yotsala inagwa kuchoka pa K705,213 kufika pa K505,213, ndipo mizere yonse ya m'munsi inasintha yokha. Ngongole inathera m'mwezi wa 10, pomwe chobweza chomaliza chinali K53,883 basi. Chiwongoladzanja chonse chinatsika kufika pa K158,042, kutanthauza kuti apulumutsa K47,503. Pofuna kuona mphamvu ya nthawi, tinasamutsira ndalama yomweyo ku mwezi wa 9, ndipo phindu linangokhala pafupifupi K14,700. Ndalama yoonjezera imagwira ntchito kwambiri ikalowa msanga, chifukwa mwezi uliwonse wotsatira imakhala ikukuchotserani chiwongoladzanja.

Apa ndi pamene `MIN` wa mu D7 amaonetsa ntchito yake. Anthu ambiri amangolemba `=$B$4`, ndipo tsamba limaoneka bwinobwino mpaka tsiku limene alowetsa ndalama yoonjezera. Pa ngongole ya alamu, mwezi wa 10 ukadaonetsa -46,579.34, kenako tsambalo likadayamba kuwerengera chiwongoladzanja pa ndalama yopanda pakeyo n'kukulitsa phindu monama. `MIN` amanena kuti bwezani cha pamwezi, koma ngati zotsala ndi zochepa, bwezani zotsalazo. Njira yoyesera tsamba lanu ndi yosavuta: phatikizani zonse za mu D ndi E, muchotsepo zonse za mu C. Yankho liyenera kufanana ndi B1. Likasiyana ndi matambala ochepa, ndi ndalama imene yatsalira mu F ya mwezi womaliza chifukwa chozungulitsa manambala. Likasiyana ndi masauzande, fomula ina yasokonekera.

Koma chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi. K47,503 ija ikupezeka pokhapokha obwereketsa ataichotsa K200,000 pa ngongole yeniyeniyo tsiku limene mwapereka. Ena satero. Amaisunga pambali ngati mwalipiriratu miyezi ikubwerayi, n'kumatapamo mwezi ndi mwezi, uku chiwongoladzanja chikuwerengedwabe pa K705,213. Zikatero mwangowasungitsa ndalama yanu kwaulere. Enanso amaichotsadi, koma m'malo mofupikitsa nthawi amachepetsa chobweza cha pamwezi. Izi zimapeputsa mtolo wa mwezi, koma phindu limachepa chifukwa ngongole ikukhalabe mpaka mwezi wa 12. Ndinawauza alamu kuti asanapereke ndalama afunse kuti ilowa pati, ndipo yankho alipemphe polemba. Chizindikiro chake chili pa sitetimenti ya mwezi wotsatira: chiwongoladzanja cha mwezi wachisanu chikakhala pafupi ndi K15,156, ndalama yalowa pamalo pake. Chikakhala K21,156, sinakhudze ngongole.

Alamu anafunsanso za kutseka ngongole yonse nthawi isanakwane. Tiyerekeze kuti sanaonjezere kalikonse, ndipo akufuna kumaliza atangopereka za mwezi wa 6. Ambiri amawerengetsa miyezi 6 yotsalayo n'kupeza K602,773. Koma mu ndalama imeneyo muli chiwongoladzanja cha miyezi imene sinafike. Chimene ali nacho ngongole tsiku limenelo ndi chimene chili mu F12, K544,222, ndipo kusiyana kwake ndi K58,550.

Pa ndalama imeneyi pamabwera zinthu ziwiri. Ngati obwereketsa amawerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, tsiku lililonse lodutsa limaonjezera pafupifupi K537, kotero mukachedwa masiku 10 mwaonjezerapo K5,368. Nchifukwa chake ndalama imene akuuzani lero siikhala yofanana ndi ya sabata yamawa. Chachiwiri ndi chindapusa chotsekera msanga, ngati mgwirizano wanu ukuchitchula. Tiyerekeze kuti ndi 5 peresenti ya zotsala: ndi K27,211, ndipo mukupulumutsabe ndalama yoposa K31,000. Koma chindapusa cha peresenti yomweyo chimatha kumeza phindu lonse mukamatseka patatsala mwezi umodzi kapena iwiri, popeza chiwongoladzanja chotsala chimakhala chitachepa kale. Kwa ine, wobwereketsa amene amawerengera pa zotsala koma n'kukulipiritsani miyezi yonse yotsala mukamatseka, akukulipiritsani nthawi imene simunagwiritse ntchito ndalama yake, ndipo muyenera kumufunsa akuonetseni ndime ya mgwirizano imene ikunena zimenezo.

Za shuga zija, tsamba linatipatsa muyeso: kubweza msanga kukupindulitsa 3 peresenti pamwezi mosakayikitsa. Katundu wa m'golosale ayenera kupindula koposa pamenepo, mutachotsa thiransipoti ndi za okongola osabweza. Alamu anaona kuti nyengo imeneyo malonda amayenda pang'onopang'ono, ndiye anapita nayo ndalama kwa obwereketsa. Sitetimenti itabwera anandiimbira foni n'kundiwerengera chiwongoladzanja cha mwezi wachisanu: K15,156.