Dzuwa silichedwa, kalendala ndiyo imatsimphina

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira kumudzi kwathu kwa Luembe, anandiimika ndi funso nditangotsika njinga. "Amalume, usana wautali kwambiri pachaka umakhala pa 21 Disembala kapena pa 22? Buku lina likuti 21, lina likuti 22. Nanga lonama ndi liti?" Ndinamuyankha kuti palibe lonama. Koma nkhope yake inandiuza kuti yankho lotere silikhutitsa mwana woganiza, ndipo sanalakwe. Chimene ndinamufotokozera madzulo amenewo, titakhala pakhonde, ndi chimene ndikufuna kukambirana nanu sabata ino.

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti dzuwa silitulukira malo amodzi chaka chonse. Mukaima pakhomo m'mawa uliwonse n'kuyang'ana kum'mawa, mudzaona kuti kuchokera mu Juni malo otulukira dzuwa amasendera pang'onopang'ono cha kummwera, kudutsa mlambe uwu, kenako phiri ilo, mpaka mu Disembala. Likafika pamenepo limakhala ngati laima masiku angapo, kenako n'kuyamba kubwerera. Kubwerera kumeneku, kwa mu Disembala ndi kwa mu Juni, ndiko akatswiri amakutcha solisitisi. Pakati pa ulendowu, mu Malichi ndi mu Seputembala, dzuwa limadutsa pamwamba penipeni pa ikweta n'kutulukira kum'mawa kwenikweni, ndipo imeneyo ndiyo ikwinokisi. Zonsezi zimachitika chifukwa dziko limazungulira dzuwa litapendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, ngati munthu wosenza mtolo khosi lili chopendama.

Mfundo imene ana ambiri saiuzidwa ndi yakuti solisitisi si tsiku. Ndi kamphindi kamodzi, kofanana kwa anthu onse padziko, pamene dzuwa lafika polekezera n'kutembenuka. Tsiku limene timalemba m'buku ndi bokosi chabe limene kamphindiko kagweramo chaka chimenecho.

Tiyeni tilondole kamphindi ka mu Disembala pa wotchi yathu ya kuno ku Zambia. Mu 2020 kanagwa pa 21 Disembala nthawi ya 12:02 masana. Mu 2021 kanagwa pa 21 pomwepo koma 17:59 madzulo. Mu 2022 kanafika 23:48 usiku, kutangotsala mphindi 12 kuti tsiku lithe. Mu 2023 kanadumpha mpanda n'kugwera pa 22 Disembala, 05:27 m'mawa. Ndiye mu 2024 kanabwerera pa 21, cha m'ma 11:20. Mukaona bwino, chaka chilichonse kamphindiko kamachedwa ndi maola pafupifupi 6, kenako pachaka chachinayi kamalumphira m'mbuyo.

Chifukwa chake n'chakuti chaka cha dzuwa sichikwana ndendende m'masiku athunthu. Kuti nyengo zizungulire n'kubwerera pamene zinayambira pamatenga masiku 365, maola 5 ndi mphindi pafupifupi 49. Kalendala yathu imawerenga masiku 365 okha n'kutseka chaka, dzuwa lisanamalize ulendo. Maola otsalawo amakhala ngongole. Chaka chachiwiri ngongoleyo imawirikiza, chachitatu imakula, ndipo pachinayi timaibweza yonse pamodzi ndi tsiku la 29 Febuluwale. Mu 2024 munali tsiku limenelo, n'chifukwa chake solisitisi inabwerera pa 21.

Koma kubwezako kumapitirira pang'ono. Ngongole ya zaka zinayi ndi maola 23 ndi mphindi pafupifupi 15, pamene ife timabweza maola 24 athunthu. Yerekezani 12:02 ya mu 2020 ndi 11:20 ya mu 2024: kamphindi kaja kafulumira ndi mphindi zoposa 40. Zimaoneka zochepa, koma zikaunjikana zimapanga tsiku lathunthu m'zaka pafupifupi 128. Kalendala yakale ya Julius Caesar inalibe chowongolera pamenepa, moti pofika mu 1582 ikwinokisi ya mu Malichi inkagwa cha pa 11, ndipo kuwerengera tsiku la Pasaka kunali kutasokonekera. Papa Gregory XIII analamula kuti masiku 10 achotsedwe: anthu a ku Roma anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. Anaikanso lamulo limene tikutsatira mpaka lero, lakuti chaka chothera ndi maziro awiri chisamakhale ndi 29 Febuluwale pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Motero 1900 inalibe tsikuli, 2000 inali nalo, ndipo 2100 sidzakhala nalo.

Palinso nkhani ya mawotchi a mayiko. Kamphindi ka mu 2022 kaja, kamene ku Nyimba kanali 23:48 pa 21 Disembala, ku Tanzania kanali 00:48 pa 22. Munthu wa ku Nakonde ndi mnzake wa ku Tunduma, amene amagulitsana malonda pamalire amodzi, akanatchula masiku osiyana, onse akunena zoona. Mabuku awiri a mwana uja anasiyana pa zifukwa zonga zimenezi. Ine zimandipweteka ndikamva kuti mwana wapatsidwa mtanda pamayeso chifukwa walemba 22 m'malo mwa 21. Mwana wotere sanalakwe, ndipo mtandawo umamuphunzitsa kuti zakumwamba ndi zoloweza pamtima, pamene ndi zoti angathe kuziona yekha pabwalo la kwawo.

Funso lachiwiri la mwanayo linali lakuthwa kuposa loyamba. "Nanga ngati ndi usana wautali, amalume, bwanji ine sindiona kutalika kwake?" Apa m'pamene malo athu amalowa m'nkhani. Petauke, Nyimba ndi kwa Luembe zili madigiri 14 ndi pang'ono kummwera kwa ikweta. Kuno usana wa mu Disembala umatenga maola pafupifupi 13, ndipo wa mu Juni maola 11 ndi mphindi pafupifupi 16. Kusiyana konse kwa chaka ndi ola limodzi ndi mphindi 40 kapena kuposerapo pang'ono. Ku Nyimba pa 21 Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 06:20 n'kulowa lisanakwane 17:40, pamene pa 21 Disembala limatuluka cha m'ma 05:25 n'kulowa cha m'ma 18:25. Mawerengero amenewa ndi a malo osatsekeka. Kwathu, kumene mapiri amatchinga kum'mawa kapena kumadzulo, wotchi idzakupatsani mphindi zina zosiyana.

Kusiyana kwa usana wa mu Disembala ndi wa mu Juni kumadalira mtunda wochokera ku ikweta. Ku Mbala, kumpoto kwa dziko lino, ndi ola limodzi lokha basi. Ku Livingstone ndi maola awiri ndi pang'ono. Abale athu amene ali ku Johannesburg amaona kusiyana kwa maola oposa atatu, ndipo ku Cape Town usana wa mu Disembala umaposa maola 14 pamene wa mu Juni sukwana 10. Ku Kampala, pafupi ndi ikweta penipeni, usana umakhala maola 12 ndi mphindi pafupifupi 7 chaka chonse. Chifukwa chake n'chakuti malire a kuwala ndi mdima padziko amadula ikweta pakati ndi pakati nthawi zonse, kaya dziko lapendekera mbali iti. Mizere ina ya kutali ndi ikweta ndiyo imadulidwa mokondera, mbali yaikulu kukhala m'kuwala theka la chaka ndi m'mdima theka linalo.

Mphindi 7 zapamwamba zija nazo zili ndi chifukwa. Timati dzuwa latuluka tikangoona m'mphepete mwake, osati pakati pake, ndipo mpweya umapinda kuwala moti timaliona likadali kuseri. Choncho ngakhale pa ikwinokisi, imene amati usana ndi usiku n'zofanana, usana umakhala wautaliko pang'ono.

Chimene chimabisa kusinthaku kwa ife ndi kuyenda kwake kwachete. Mu Malichi ndi mu Seputembala, pamene kusinthaku kumathamanga kwambiri, usana wathu umasintha ndi masekondi osakwana 50 patsiku, kapena kuti mphindi 5 kapena 6 pasabata. Pafupi ndi solisitisi sikuyenda n'komwe: usana wa pa 21 ndi wa pa 22 Disembala umasiyana ndi masekondi osakwana awiri. Komabe zomera zimakumva. Mapira ambiri a makolo amadikira kuti usana ufupike asanatulutse ngala, n'chifukwa chake wodzala msanga ndi wodzala mochedwerako amatha kukolola nthawi yoyandikana.

Kwa ife a kuno, chimene chimaonetsa bwino ulendo wa dzuwa si wotchi koma mthunzi, ndipo apa tili ndi mwayi umene anthu a ku Cape Town kapena ku Ulaya alibe. Ndinamuuza mwanayo kuti azike mtengo wowongoka pabwalo losalala, wotalika mita imodzi kuchokera pansi. Auyese ndi chingwe chomangirira kamwala kuti usapendame, pakuti mtengo wopendama ndiwo umawononga zonse. Asayang'ane dzuwa, aziyang'ana pansi, ndipo tsiku lililonse aziyeza mthunzi pamene wafupikitsitsa. Mu Juni adzapeza masentimita pafupifupi 78, mthunzi utaloza kummwera. Pa ikwinokisi ya mu Seputembala adzapeza pafupifupi 26, kummwera komweko. Mu Disembala adzapeza pafupifupi 16, koma tsopano utaloza kumpoto, chifukwa dzuwa latidutsa n'kupita kummwera kwathu.

Mtengowo uli ndi polekezera pake, ndipo ndi bwino kunena. Sungakuuzeni ngati solisitisi ili pa 21 kapena pa 22, chifukwa masiku amenewo mthunzi susintha ngakhale ndi milimita imodzi. Pa ikwinokisi ndiye umathandiza, pakuti mthunzi umasintha ndi mamilimita pafupifupi 7 patsiku, zimene rula ya kusukulu imatha kuona.

Ngati mthunzi umaloza kummwera mu Seputembala n'kudzaloza kumpoto mu Disembala, ndiye kuti pakati penapake umasoweratu. Mwanayo anazindikira yekha zimenezi ndisananene, ndipo ndinasangalala kwabasi. Kwathu zimachitika kawiri pachaka, cha pa 1 Novembala ndi cha pa 10 Febuluwale, pamene dzuwa limaima paliwombo penipeni. La mu Febuluwale nthawi zambiri mitambo ya dzinja imaliphimba. La mu Novembala limafika chigwa cha Luangwa chikuwotcha, anthu akuyang'ana kumwamba kudikira mvula yoyamba, ndipo limaoneka bwino. Koma musadikire 12 koloko. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limafika pamutu cha m'ma 11:40, pamene mu Febuluwale limafika cha m'ma 12:10, chifukwa liwiro la dziko paulendo wake wozungulira dzuwa silifanana chaka chonse, ndiponso chifukwa cha kupendekeka kuja. Amene afika pamtengo 12 koloko mu Novembala adzapeza mthunzi utatuluka kale masentimita angapo cha kum'mawa.

Mwana wa mlongo wanga anazika mtengo wake kuseri kwa nkhokwe, kumene mbuzi sizifikako, ndipo wajambula mizere m'kope: tsiku, nthawi, kutalika kwa mthunzi ndi mbali imene waloza. Tinagwirizana kuti kuyambira pa 28 Okutobala aziyeza tsiku ndi tsiku kuchokera 11:20, mphindi 5 zilizonse, kuti tidziwe tsiku limene mthunzi umasowa pabwalo la kwathu.