Kompyuta ikati DLL yasowa, yambani mwawerenga dzina lake

Mwaika pulogalamu yatsopano pa Windows, zonse zayenda bwino, koma pofuna kuitsegula pakutuluka kabokosi konena kuti `MSVCP140.dll was not found`. Kabokosiko kamalangizanso kuti muyiikenso pulogalamuyo. Ambiri amatero, kawiri katatu, osaphula kanthu, chifukwa chosowacho sichili m'pulogalamumo.

Mapulogalamu ambiri a Windows amalembedwa mu C++ n'kumangidwa ndi Visual Studio ya Microsoft. Ntchito zina wamba, monga kusamalira memore, pulogalamu sinyamula yokha: imakazipeza m'mafayilo a DLL a phukusi lotchedwa Visual C++ Redistributable. Pakompyuta ya wopanga mafayilowa alipo kale, anabwera ndi Visual Studio, n'chifukwa chake iye amalumbira kuti kwake ikuyenda bwinobwino. Sakunama ayi. Kungoti kwa inu kulibe.

Nambala ili m'dzina la fayilo ndiyo imakuuzani phukusi loyenera. Dzina ngati `MSVCR100.dll` likufuna la 2010, 110 ndi la 2012, 120 ndi la 2013. Awa sangalowerane m'malo: kuika la 2013 sikuchiza pulogalamu yofuna la 2010, ndipo onse amakhala limodzi popanda kulimbana. Choncho mukaona mndandanda wautali wa maphukusiwa pakompyuta yanu, musawachotse poganiza kuti ndi zinyalala. Nambala 140 yokha ndiyo yosiyana. Visual Studio ya 2015, 2017, 2019 ndi 2022 zonse zimagwiritsa ntchito phukusi limodzi, ndipo chofunika n'chakuti lanulo lisakhale lakale kuposa zida zimene anamangira pulogalamuyo. Ndiye ngati `VCRUNTIME140.dll` ilipo koma akudandaula za `VCRUNTIME140_1.dll`, imene inayamba ndi Visual Studio 2019, dziwani kuti phukusi lanu lakalamba. Tengani latsopano kwa Microsoft.

Pamene anthu amagwera kwambiri ndi pa x86 ndi x64. Tiyerekeze muli ndi laputopu ya Windows 11, ya mabiti 64, ndipo pulogalamu yowerengera katundu wa m'sitolo ikufuna `MSVCP140.dll`. Nzeru yoyamba ikuuzani kuti muike `vc_redist.x64.exe`. Mwaika, mwazimitsa n'kuyatsanso, uthenga ndi womwe uja. Chachitika n'chakuti phukusi limatsata pulogalamu, osati Windows. Pulogalamu ya mabiti 32 imayenda pa Windows ya mabiti 64, koma DLL ya mabiti 64 siingaigwiritse ntchito ngakhale dzina litafanana. Ikufuna `vc_redist.x86.exe`. Pulogalamu mukaipeza mu `C:\Program Files (x86)`, kawirikawiri ndi ya mabiti 32. Amene ali ndi Visual Studio atha kutsimikiza chonchi mu Developer Command Prompt:

```
dumpbin /headers sitolo.exe
dumpbin /dependents sitolo.exe
```

Lamulo loyambalo limaonetsa `machine (x86)` kapena `machine (x64)`, lachiwirilo limatchula ma DLL amene pulogalamuyo imawaitana poyamba. Wopanda zidazi aike onse awiri, x86 ndi x64. Palibe chimene chiwonongeke.

Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chokatola DLL imodzi pamasamba osadziwika n'kuiponya mu `System32`. Simukudziwa amene anaikonza, ndipo fayilo yotere ikaitanidwa imachita chilichonse chimene pulogalamu yanu ili ndi mphamvu yochita. Kuonjezera apo, mayina a mafodawa amasocheretsa: pa Windows ya mabiti 64, `System32` imasunga ma DLL a mabiti 64, pamene a mabiti 32 amakhala mu `SysWOW64`. Mukasemphanitsa, uthenga womveka uja umatha, m'malo mwake mumabwera `0xc000007b`, imene siitchulanso fayilo iliyonse. Apo ndiye mwazimitsa nyali imene imakuunikirani, ndipo muyenera kuyamba mwachotsa fayilo munaponyayo musanaike phukusi lenileni.

Pali dzina lina limene phukusi lililonse silingathandize. Mukaona chilembo D kumapeto, monga `VCRUNTIME140D.dll` kapena `ucrtbased.dll`, wopanga wakupatsani pulogalamu yomangidwa mu `Debug`, yoyesera pakompyuta yake. Mafayilo amenewa Microsoft salola kuwagawa, ndipo m'phukusi mulibe. Musataye bandulo yanu kufunafuna. Muuzeni amange mu `Release` n'kukutumiziraninso.

Kunena zoona, mlanduwu ndimauika kwa opanga mapulogalamu. Wogula sayenera kudziwa kuti 120 ndi 2013. Wopanga aike phukusi loyenera m'kati mwa choikira pulogalamu yake kuti lizilowa lokha. Apo ayi amange ndi `/MT`, zofunikazo zilowe m'fayilo ya pulogalamu momwemo, ngakhale kuti akatero zokonza za Microsoft sizifika kwa wogula pokhapokha iye atamanganso. Ndipo asanapereke kwa munthu, ayese pa Windows yongoikidwa kumene, imene Visual Studio sinapondepo.