Khodi yosayesedwa isamachoke pa laputopu yanu

Holide yapitayi ndinali kwathu ku Kasina, koma pulojekiti ya gulu lathu sinapite ku holide. Tinalipo anayi, tikulemba pulogalamu ya Python yowerengera malikisi. Usiku wina mnzathu anasintha dzina la fankishoni imodzi, n'kuiwala kuti mafayilo ena awiri amaiitana ndi dzina lakale, basi n'kupusha. M'mawa kukuzizira, ndinakwera pachulu pomwe foni yanga imagwira netiweki, ndinapanga `git pull`, n'kubwerera kunyumba ndi khodi yakufa. Tsiku lonse linathera kufufuza vuto lomwe `pytest` ikanaligwira m'masekondi ochepa. Matesiti tinali nawo, koma panalibe chotikakamiza kuwayendetsa.

Ndiye maganizo anga ndi awa: gulu lililonse la ophunzira liziyamba laika mahuku lisanalembe mzere woyamba wa khodi. Huku ndi kapulogalamu komwe Git imayendetsa yokha pa nthawi yoikika. Ka `pre-commit` kamayenda `git commit` isanasunge kanthu, pomwe ka `pre-push` kamayenda khodi isananyamuke kupita ku seva. Kakatha ndi nambala 0, Git imapitiriza. Kakatha ndi nambala ina iliyonse, Git imakana. Zonsezi zimachitikira pa laputopu yanu, ndipo kuyesako sikudya bandulo.

Ife tinagawa ntchito pawiri. Zachangu zinapita mu `pre-commit`:

```
#!/bin/sh
black --check .
```

Lamuloli silikonza fayilo. Limangoona ngati khodi yasanjidwa mofanana, ndipo likapeza yosokonekera limatchula dzina la fayiloyo n'kukana. Mumalemba `black .` kuti ikonzeke, mupanganso `git add`, n'kuyesanso. Matesiti, poti amatenga nthawi, tinawaika mu `pre-push` ndi mzere wa `pytest -q`. Chifukwa chake n'chakuti munthu amapanga `commit` kangapo pa ola, ndipo huku yochedwa amatopa nayo msanga.

Poyamba tinalakwitsa. Ndinaika mafayilowa mu `.git/hooks`, pomwe pamakhala zitsanzo zothera ndi `.sample`, n'kuganiza kuti anzanga alandira. Ayi ndithu. Foda imeneyo siyenda ndi `git push` kapena `git clone`, choncho mlonda anali pakhomo panga pokha. Njira yake ndi kupanga foda wamba ya `.githooks`, kuisunga limodzi ndi khodi, kenaka aliyense alembe izi kamodzi pa makina ake:

```
git config core.hooksPath .githooks
chmod +x .githooks/*
```

Mwayi wa `core.hooksPath` unabwera ndi Git 2.9 mu 2016, ndiye pafupifupi tonse tili nawo. Mzere wachiwiriwo musaudumphe, chifukwa pa Linux fayilo yopanda chilolezo choyenda Git imangoilambalala, n'kusiya kachenjezo komwe ambiri sawerenga. Kuti mutsimikize kuti mlonda ali maso, sokonezani dala mipata mu fayilo imodzi n'kupanga `commit`. Ikadutsa, ndiye kuti huku yanu ili mtulo.

Mnzathu wina anatsutsa. Anati mahuku ndi chipongwe, chifukwa nthawi yopereka ntchito ikayandikira, kompyuta isamakuuze zochita. Mbali ina akunena zoona. Pamakhala nthawi yomwe umafuna kusunga ntchito yosatha magetsi asanathime kapena batire lisanathe, ndipo n'chifukwa chake matesiti sitinawaike pa `commit`. Kusunga pa makina ako ndi nkhani yako. Koma kupusha ndi kuika nsima m'mbale yomwe tikudyera tonse, ndiye kusamba m'manja si chipongwe.

Mahuku alinso ndi malire, tisanamizane. Aliyense atha kulemba `git push --no-verify` n'kudutsa osayesedwa, ndipo amene sanalembe `git config` ija alibe mlonda n'komwe. Chinanso, `black --check .` ndi `pytest` zimaona mafayilo momwe alili mu foda, osati okhawo amene mwasunga mu Git. Mukalemba fayilo yatsopano n'kuiwala `git add`, matesiti adzadutsa kwa inu koma adzagwa kwa anzanu. Choncho `git status` muziiwerengabe, ndipo ngati khodi yanu ili pa GitHub, matesiti omwewo aziyendanso pa GitHub Actions. Seva ndiyo imagamula komaliza, huku imangokupulumutsani ku ulendo wachabe.

Kwa amene ali ndi intaneti yosadukiza, kupusha zolakwika n'kukonza pakatha mphindi zisanu si nkhani. Kwa ine kunali kukweranso chulu ndi kugulanso bandulo. Semesita ino, musanagawane ntchito m'gulu mwanu, pangani foda ya `.githooks`, ndipo malamulo awiri aja muwalembe pamwamba pa `README`.