Ntchito zitatu, luso limodzi

Mabwana ambiri akaona siivi ya munthu amene akugwira ntchito zitatu nthawi imodzi amathamangira kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Maganizo amenewa ndi olakwika, koma amene amawapatsa mphamvu ndi ofunsira ntchito eni ake, chifukwa cha mmene amalembera kandime kodzifotokoza kamene kamakhala pamwamba pa siivi.

Tiyerekeze kuti mayi wina amalemba mabuku a ndalama a kopaletivi ya alimi Lolemba ndi Lachiwiri, amaphunzitsa zowerengera ndalama madzulo, ndipo kumapeto kwa mwezi amathandiza eni mashopu kukonza mapepala a msonkho opita ku MRA. Pakandime paja walemba kuti: "Ndine mphunzitsi, kalaliki, komanso ndimagwira ntchito iliyonse imene ndapatsidwa." Bwana akawerenga zimenezi amangoona munthu wa maganyu amene mawa adzathawira kwina. Mawu akuti "ntchito iliyonse" ndi amene apweteketsa mayiyu, poti sakunena chimene iye amadziwa.

Chonsecho ntchito zitatuzi ndi luso limodzi. Kuti mulipeze, musayambe ndi mayina a maudindo. Pa ntchito iliyonse dzifunseni kuti akukulipirani ndani, ndipo mukumuthetsera vuto lanji. Kwa mayiyu yankho likubwerera pamodzimodzi: anthu a bizinesi zing'onozing'ono amene ndalama zimawasokonekera. Ndiye alembe kuti: "Ndimathandiza makopaletivi ndi mashopu kusunga mabuku a ndalama olongosoka. Ndimalemba mabukuwo, ndimakonza mapepala a msonkho, ndiponso ndimaphunzitsa ena ntchitoyi." Chiganizo choyamba chanena chimene iye ali, chachiwiri chasandutsa ntchito zitatu zija kukhala umboni.

Ena amati kutero n'kukometsa zinthu mopusitsa anthu. Ayi. Bodza limayamba pamene munthu wadzipatsa udindo umene alibe. Ngati mayiyu si membala wa ICAM, asadzitchule ngati akauntanti wovomerezeka ndi bungwelo. Ndipo ngati Loweruka amagulitsanso kaunjika, asakakamize gainiyo kulowa m'kandimeka. Ntchito imene sikugwirizana ndi zinzake itsike m'munsi kapena isalembedwe n'komwe.

M'munsimo, polemba ntchito imodziimodzi, aonetse masiku amene amagwira: masiku awiri pa sabata, madzulo okha, kumapeto kwa mwezi. Akapanda kutero, zaka za ntchitozo zimaoneka zikuwombana ndipo wowerenga amayamba kukayika. Kandimeko akamaliza, apatse mnzake awerenge kamodzi, kenako amufunse kuti, "Kodi ndimagwira ntchito yanji?" Mnzakeyo akayamba kuwerengera pa zala, ndiye kuti sikanapse.

Nanunso mabwana, lekani kutaya siivi chifukwa chongoona ntchito zambiri. Munthu amene malo atatu osiyana amupatsa mabuku awo a ndalama, ndipo onse akumusungabe, muli ndi malo atatu okafunsako za kukhulupirika kwake. Imbani foni mufunse musanamuweruze.