Phokoso la usiku: pemphani chinthu chimodzi, ndipo pemphani masana

Ife okhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche timadziwa kuti usiku mawu amayenda patali. Magalimoto akachepa pamsewu wa M5, mwera ukadekha, nyanja ili bata, umatha kumva asodzi a usipa akuitanizana kutali komwe nyali zawo zikungooneka ngati nyenyezi. Pamadzi palibe mtengo kapena khoma lotchinga mawu. Ndiye wailesi yomwe masana sitiimva n'komwe, usiku imakhala ngati ili kumutu kwa bedi.

Izi zikutanthauza kuti nthawi zambiri wosokosa sadziwa kuti akusokosa. Iye ali pafupi ndi sipika, makutu anazolowera, ndipo sanagonepo m'chipinda mwanu. Mukamupitira ngati munthu wochita dala, mwamuweruza kale mlandu asanaumve, ndipo adzayamba kudziteteza m'malo mokumverani.

Miyezi yapitayi mayi wina woyandikana nane anandipempha kuti ndimuperekeze kwa mnyamata amene ali ndi kanyumba koonetsera mpira pa kanema. Mayiyu amadzuka 4 koloko m'mawa kukadikira usipa kudooko, ndipo mwana wake ali mu Sitandade 8. Kanyumbako kali mapazi ngati 30 kuchokera pazenera lake. Anafika kwanga atapsa mtima, akufuna kupita kwa amfumu tsiku lomwelo.

Tisanapite kulikonse ndinamufunsa kuti chenicheni chomwe chikumulanda tulo n'chiyani. Poyamba anangoti, "Phokoso, bambo." Koma titakambirana bwino, zinapezeka kuti kukuwa kwa anyamata chigoli chikalowa sikumuvuta kwenikweni, chifukwa kumatha msanga. Chomuvuta chinali nyimbo zoyamba mpira ukatha, zochokera pa sipika yaikulu yomwe imakhala panja pakhomo, itayang'ana kunyumba kwake, mpaka cha m'ma 1 koloko. Magetsi akathima pankawonjezeka jenereta, yomwe ankaiika kuseri kwa kanyumbako, mbali ya kwa mayiyo.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mawu akuti "chepetsani phokoso" alibe malire. Mwini bizinesi akawamva amaganiza kuti mukufuna atseke, ndipo palibe amene angavomere kuti mumulande chakudya pakamwa. Koma mukanena kuti "mpira ukatha, sipika ilowe m'nyumba", mwamupatsa chinthu choti angathe kuchita usiku womwewo osataya kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Tinaganiziranso mbali yake. Masewero a Champions League amachitika makamaka Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo kuyambira Novembala mpaka Marichi ambiri amayamba 10 koloko usiku nthawi ya kuno, n'kutha pafupifupi 12 koloko. Nthawi imeneyi sanaike ndi iye, ndipo masiku amenewa ndi omwe amapeza ndalama. Mayi uja anavomera kuti masiku a mpira apirira. Popita kukapempha, ndi bwino kutenga kanthu koti nanunso mupereke.

Tinapita Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana, mnyamatayo ali yekha akusesa. Usiku si nthawi yokambirana. Inu muli ndi tulo ndi mkwiyo, ena pamalopo alawako, ndipo mwini malo sangagonje pamaso pa makasitomala ake ngakhale akudziwa kuti mukunena zoona. Tinaodira, tinapatsana moni, tinafunsa za bizinesi ndi za makolo ake. Kenako mayiyo anati:

"Achimwene, sindinabwere ndi mlandu ayi. Ndabwera kudzapempha thandizo. Ine ndimadzuka 4 koloko kupita kunyanja, ndipo mng'ono wanu uja akukonzekera mayeso. Za mpira ndilibe nazo mawu. Koma ukatha, nyimbo zija zimalowa m'chipinda mwanga ngati ndili momwemuno. Kodi sizingatheke kuti sipika izilowa m'kati mpira ukatha?"

Taonani kuti sanatchule zoti anthu onse akudandaula. Mawu amenewo amaoneka ngati akulimbitsa pempho, koma amamuuza munthu kuti mwakhala mukumudya miseche m'mudzi. Sanawerengenso masiku onse omwe analephera kugona. Ananena za iye mwini ndi mwana wake, basi. Paja akulu anati mawu okoma anatulutsa njovu m'munda.

Mnyamatayo anayankha zomwe ambiri amayankha: "Koma mayi, ine ndimatsitsatu ikakwana 11." Sankanama. Vuto ndi loti kutsitsa voliyumu kumachotsa mawu a woimba, koma kugunda kwa besi kumatsala. Mawu okhuthala otere amadutsa pakhoma, pazenera ndi pamalata mosavuta kusiyana ndi mawu opyapyala. Amene ali pafupi ndi sipika amamva kuti nyimbo zatsika, pomwe wogona kutali akumvabe du! du! du! pachifuwa.

M'malo motsutsana, tinagwirizana zoyesa. Madzulo ake, cha m'ma 9 koloko, iye mwini analowa m'chipinda cha mayi uja, zitseko ndi mazenera zili zotseka, mnzake atatsala pa makina ndi foni m'manja. Atamva yekha mmene khoma limanjenjemerera, anaseka n'kugwira pakamwa. Analowetsa sipika m'kati, anaitembenuzira kumsewu, anaichotsa pansi n'kuiika pa tebulo, kenako anatsitsa besi pang'onopang'ono mpaka kugunda kutasiya kumveka m'chipindamo. Pamalo pomwe kabatani kanaima anaikapo chizindikiro ndi penti ya zikhadabo, kuti ngakhale iye atachokapo, womugwirira ntchito adziwe polekezera. Jenereta anaisamutsira mbali ina, kuti kanyumbako kakhale pakati pa iyo ndi nyumba ya mayiyo. Zonsezi sizinadye ngakhale tambala.

Pangano lotere limafuna kulisamala. Patatha sabata ziwiri, Loweruka lina, nyimbo zinakweranso. Mayiyo sanatuluke ndi tochi. Anaimba foni kamodzi n'kudula, monga anagwirizanirana, ndipo nyimbo zinatsika. M'mawa anamuthokoza atakumana panjira. Munthu amene wathokozedwa chifukwa chotsitsa amatsitsanso mawa, koma amene amangomva za inu pamene walakwa amatopa nanu.

Si onse amene amamva. Mukapempha kawiri popanda kusintha, pitani ndi munthu wachikulire amene wosokosayo amamulemekeza, ndipo mumuuze kuti mubwera naye. Ngati ndi wa lendi, mwini nyumba ndiye wotsatira. Zikakanika, kuli anyakwawa ndi amfumu, kenako achitetezo cha m'mudzi ndi apolisi, ndipo ngati ndi malo omwera mowa, khonsolo yomwe imapereka chilolezo ili ndi mawu. Koma musadumphe makwerero. Munthu amene wamva koyamba za dandaulo lanu kuchokera kwa mthenga wa amfumu sadzaiwala, ndipo tsiku lina mudzamufuna, kaya pa matenda kaya pa bwato.

Pomaliza, tisiyanitse maphokoso. Nyimbo za pamaliro sizidandaulidwa. Umadzuka n'kupita kukakhala nawo. Chikwati ndi cha tsiku limodzi, ndipo mawa chidzakhala kwanu. Phokoso loyenera kulipitira ndi lobwerezabwereza, lomwe lili ndi mwini wake ndi kabatani kotsitsira. Musanagogode pakhomo pake, dziwani mawu enieni omwe akukulandani tulo, ola lomwe amayamba, ndi chomwe inu mwakonzeka kupirira.