Kodi wofuna kuchepetsa thupi asiye nsima?

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti thupi lamuchulukira ndipo BP yayamba kukwera, malangizo oyamba amene amamva kwa anzake ndi akuti asiye nsima. Ena amati ayi, angosintha ufa n'kuyamba kudya mgaiwa.

Amene amadana ndi nsima ali ndi mfundo. Ufa woyera umakonoledwa, kuviikidwa ndi kutsukidwa mpaka gaga ndi mtima wa chimanga zitachoka. Chotsala chimagayika msanga m'mimba, ndiye njala sichedwa kubweranso. Komanso pambale yathu nsima ndiyo imatenga malo onse, ndiwo n'kukhala zongotsitsira. Kwa mlimi wogwira khasu kuyambira mbandakucha, mitanda itatu ili ndi ntchito. Kwa munthu wokhala pampando tsiku lonse, wopita kuntchito paminibasi, mtanda wachitatuwo umakasungidwa m'chiuno.

Vuto ndi funso lakuti akasiya nsima adzadya chiyani. Ambiri amathawira ku mpunga woyera kapena buledi, zomwe sizipungula kanthu koma ndalama m'thumba. Kukhuta ndi nyama ndi mazira okhaokha ndi mabanja ochepa angakwanitse, ndipo m'nyumba yophika mphika umodzi, munthu wodya zakezake satha mwezi.

A mgaiwa nawo amakokomeza. Zoona, mgaiwa uli ndi gaga ndipo umakhalitsa m'mimba. Koma mphamvu zake, zimene a zaumoyo amaziyeza m'makalori, n'zofanana pafupifupi ndi za ufa woyera: makalori ngati 360 pa magalamu 100 a ufa. Wodya mitanda itatu ya mgaiwa asayembekezere kuti sikelo isuntha.

Ine ndikuona kuti mkanganowu umaiwala zinthu zing'onozing'ono zimene timagula ndi ndalama. Titenge mayi wogwira ntchito mu ofesi. Amamwa tiyi kawiri patsiku, masupuni atatu a shuga m'kapu iliyonse. Supuni yaing'ono ya shuga ndi makalori ngati 16, choncho akamathira imodzi yokha m'kapu, wapungula 64. Masana amatsitsira chakumwa chozizira. Cha mamililita 330 chimakhala ndi makalori pafupifupi 140, pomwe madzi alibe. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ndi makalori 120, ndipo wothira mafuta molunjika kuchokera m'botolo sadziwa n'komwe kuti wathira angati. Akamamwa madzi m'malo mwa chakumwacho, n'kuchepetsa supuni imodzi ya mafuta pa gawo lake la tsiku, n'kuchotsanso mtanda umodzi wa ufa wokwana magalamu 50, womwe ndi makalori 180, zonse pamodzi zakwana ngati 500. Kupungula kotere tsiku ndi tsiku kumatsitsa pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata m'miyezi yoyamba, kenako liwiro limachepa chifukwa thupi laling'ono limafunanso zochepa. Nsima akudyabe, ndipo sanagule tiyi wochepetsa thupi kapena ufa wa m'chitini.

Komabe tisanamizane: mtanda ukachoka popanda cholowa m'malo, ikamakwana folo koloko munthuyo ali pachiwaya kapena kwa wogulitsa mandasi. Malowo ayenera kudzazidwa ndi ndiwo zokhutitsa. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili ndi zomanga thupi ndipo zimachedwa kugayika. Usipa, bonya ndi soya ndi zotsika mtengo kuposa nyama, bola zisasambire m'mafuta. Masamba monga bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru ndi therere atenge theka la mbale. M'mawa, mbatata yowiritsa kapena phala la mgaiwa zimagwira m'mimba kuposa zokazinga.

Apa pali chowiringula chomveka: m'tauni ndiwo n'zodula kuposa ufa, ndipo nyemba zimadya makala. Kuziviika usiku kumafupikitsa nthawi yophika, ndipo ndalama ya chakumwa ndi mandasi ingagule mulu wa masamba. Ngakhale zili choncho, banja lovutika limakhuta ndi nsima chifukwa ndiyo yotheka, ndipo kulilangiza ngati lili ndi zosankha zambiri n'kulinyoza.

Zakudya zabwino nazo zimapusitsa. Nsinjiro ndi yopatsa thanzi, koma magalamu 100 a mtedza amaposa makalori 550, ndiye ndiwo zotendera zisathiridwenso mafuta. Thobwa lothira shuga silisiyana kwambiri ndi chakumwa cha m'botolo, ndipo mowa uli ndi makalori ake.

Kudziyeza kamodzi pa sabata, m'mawa, pasikelo yomweyo, n'kokwanira. Kutsika kopitirira kilogalamu imodzi sabata iliyonse, chizungulire ndi kufooka ndi zizindikiro zoti munthu wapungula mopyola. Amene akumwa mankhwala a shuga ayambe wafunsa kuchipatala, chifukwa kuchepetsa chakudya kungagwetse shuga m'magazi. Mayi woyembekezera asayambe n'komwe. Ndipo amene akuonda asanasinthe kadyedwe, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku kapena akumva ludzu losatha, apite akayezetse.