Chipatala chikachedwa, tisakhale chete

Makolo athu anatiphunzitsa kudikira mwaulemu, koma a inshuwalansi amawerenga masiku. Kuno ku London, tikapempha mapepala a chithandizo chathu kuchipatala cha NHS, lamulo limachipatsa mwezi umodzi, ndipo pempho likakhala lovuta chikhoza kuwonjezera miyezi iwiri. Ngati a inshuwalansi atipatsa masiku 30, masikuwo akhoza kutha mapepala asanatuluke.

Choncho tiwalembere imelo nthawi isanathe. Titchule nambala ya nkhani yathu, tsiku limene tinapempha mapepalawo, ndi tsiku latsopano limene tikufuna. Titumizenso zimene tili nazo kale. Kungoimba foni sikutisiyira umboni m'manja.

Akakana, tilembe dandaulo. Ali ndi masabata 8 oti ayankhe. Yankho lawo lomaliza likapanda kutikhutiritsa, tili ndi miyezi 6 yokadandaula ku Financial Ombudsman Service, mwaulere.